Ndowa ziwiri ndi theka

Mpaka lero ndikamva fungo la mpunga wopserera, ngakhale kwa aneba, mtima umanditsika. Limandibwezera kuseri kwa nyumba ya amayi, tsidya la mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi, Loweruka la mwezi wa Okutobala pamene mng'ono wanga ankakwatiwa. Tsiku limenelo ndinawononga makilogalamu 20 a mpunga wa kilombero dzuwa lisanatuluke bwino, ndipo ndinauwononga ndi masamu amene ndikawabwerezanso lero amatulukabe chimodzimodzi.

## Pepala langa

Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, ndiye a komiti ya ukwati sanavutike kusankha woyang'anira zakudya. Anati iwe ndi wa manambala, gwira. Inenso ndinalandira monyadira.

Ndinayambira kukhitchini kwanga. Kunyumba tilipo asanu ndi mmodzi, ndipo kilogalamu imodzi ya mpunga imatikwanira. Kilogalamu imeneyo imadzaza makapu asanu, omwe ndi kupitirira pang'ono lita imodzi, ndipo ndimathira madzi makapu khumi. Kapu ya mpunga, makapu awiri a madzi. Ndaphika choncho kuyambira ndili mtsikana ndipo mpunga wanga umatuluka woyoyoka.

Tinkayembekezera mbale 240 za mpunga, ena onse adye nsima. Ndinagawa 240 ndi 6, zinatuluka makilogalamu 40. Tinabwereka masefuliya awiri aakulu kwa amayi a ku tchalitchi, ndiye ndinati aliyense asenze makilogalamu 20. Mpunga wochuluka choncho umadzaza malita 24. Kuchulukitsa kawiri, madzi malita 48. Ndowa yathu ndi ya malita 20, basi ndinalemba kuti ndowa ziwiri ndi theka. Mchere, mafuta, anyezi, zonse ndinachulukitsa ndi 20, n'kulemba bwinobwino papepala lomwe ndinalimata ndi selotepi pakhoma la khitchini.

Azakhali anafika Lachisanu madzulo kuchokera ku Namwera. Kwawoko palibe maliro, sadaka kapena ukwati umene moto wake umayatsidwa iwo asanafike. Ndinawawerengera pepala langa. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Sefuliyayo waiona, mwanawe?" Ndinati ndaiona, ndi yaikulu, zonse zilowa. Anangoti chabwino, n'kupita kukayang'ana mbuzi. Mbuzizo anali atalamula kale kuti azinge ndi Msilamu, monga timachitira kuno, kuti aliyense wobwera adye mosakayika.

## Mmawa wa Loweruka

Ndinkafuna kuti akamadzuka apeze ntchito ikuyenda. Itangokwana 4 koloko ndinadzutsa atsikana atatu, tinatsuka mpunga wa sefuliya yoyamba n'kuusiya m'mabeseni uli ndi madzi ake pamene anyamata ankakonza mafuwa ndi kuwaza nkhuni. Unakhala mmenemo mwina theka la ola. Kenako tinaukhuthulira m'sefuliya, ndinathira ndowa zanga ziwiri ndi theka za madzi ozizira a pa mpope, mchere, mafuta, n'kusonkhezera moto.

Kunyumba poto wanga amawira ndisanamalize kudula tomato. Sefuliya iyi inangokhala phee. Mphindi 20, madzi angofunda. Mphindi 40, kanthunzi kokha pamwamba. Ndinauza anyamata awonjezere zikuni, moto unalilima mpaka malawi kunyambita m'mbali. Inayamba kuwira ola litatsala pang'ono kukwana.

Pamenepo zizindikiro zonse zinalipo, koma sindinkadziwa kuziwerenga. Madzi anali atayera mbuu ngati mkaka, olemera. Kuwira kwake sikunali kobwadamuka, kunali kwa phwa, phwa, ngati phala la mwana. Patapita mphindi 15 madzi anali akadali pamwamba pa mpunga, pomwe kunyumba nthawi imeneyo amakhala ataphwa ndipo timabowo tayamba kuoneka. Ndinachita mantha n'kutenga mthiko waukulu, ndikutakasa. Apo ndiye ndinamaliza kuupha. Njere zomwe zinali zitafewa kale zinasweka, zonse zinasanduka chinthu chimodzi, ndipo chapansi chinamata pachitsulo pomwe moto wanga waukulu uja unkawomba.

Azakhali anatulukira ali ndi mswachi mkamwa. Sanayang'ane n'komwe m'sefuliya. Ananunkhiza kamodzi, anakoka zikuni zonse pansi pake n'kuzitaya pambali.

"Chotsa mthikowo. Usakandenso pansi."

Ndinayamba kufotokoza za malita ndi makapu, ndikuloza pepala pakhoma. Anandidula. "Pepalalo lathira madzi a mapoto 20. Apa pali mapoto angati?"

Sanandikalipire pamaso pa atsikana, ndipo mwina zikanandipepukira akanatero. Anaitanitsa sefuliya ina yaing'ono ndi chipande, n'kuyamba kutapa chapamwamba chokha, pang'onopang'ono, osafika pomwe panapsa, chifukwa fungo la chopserera likangosakanizika silichokanso. Chomwe anapulumutsacho anathiramo shuga ndi nsinjiro. Achibale onse amene anagona pakhomo, ndi ana a m'mudzi omwe anali atayamba kale kuzungulira, anamwa phala la mpunga mmawa umenewo, ena mpaka kuyamikira kuti ukwati uno wakonzedwa bwino, ngakhale kadzutsa alipo. Ine sindinalawe.

## Kukamwa kwa sefuliya

Funso la mapoto 20 lija linandikhala masabata angapo. Ukwati utatha ndinakhala pansi ndi sikelo ya kukhitchini, chifukwa munthu wa manambala sagonja asanaone pamene nambala yamuthawira.

Ndinaphika kilogalamu imodzi monga mwa masiku onse, n'kuyeza mpunga wakupsa. Unalemera pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka. Ndiye kuti mpunga unamwa lita imodzi ndi theka basi. Koma ine ndinathira malita oposa awiri, pafupifupi awiri ndi theka. Otsalawo, pafupifupi lita yathunthu, anapita kuti? Anatuluka ngati nthunzi, pa mbaula yanga ya moto waukali ndi chivundikiro changa chopindika chija.

Choncho m'makapu anga khumi munali madzi a mitundu iwiri. Ena ndi omwe mpunga umamwa, ndipo amenewa amakula limodzi ndi mpunga: makilogalamu 20 amwa malita 30. Ena ndi omwe amathawa, ndipo amenewa sadziwa kuti m'poto muli mpunga wochuluka bwanji. Amangodziwa kukula kwa kukamwa kwa poto, ukali wa moto ndi nthawi imene poto wakhala wosavundikira.

Poto wanga wa kunyumba ndi wa masentimita 20 kukamwa kwake. Sefuliya ya ku tchalitchi ndi ya masentimita 60. Kutambalala katatu, ndiye kuti malo otulukira nthunzi ndi ochuluka maulendo 9, pakuti chozungulira chimakula mbali zonse. Mpunga ndinauchulukitsa ndi 20, koma khomo lotulukira nthunzi linangokula maulendo 9. Ngakhale sefuliya ikanataya nthunzi mwaukali ngati kapoto kanga, sikanataya malita oposa 8. Malita 30 ndi 8 ndi 38. Ine ndinathira 50. Kuposa theka la ndowa linalibe kopita.

Ndipo si pokhapo. Mpunga womwe unakhala m'mabeseni uja unali utamwa kale madzi, n'kubweranso ndi ena ochuluka pokhuthula. Kenako unakhala pafupifupi ola lathunthu m'madzi ofunda, ukufufuma ndi kutaya ufa wake woyera uja, moto usanaugwire. Kunyumba vuto limeneli silioneka, chifukwa malita awiri amawira msanga. Malita 50 pa nkhuni ndi nkhani ina.

Wina anena kuti ndikanangoyeza ndi chala, monga amachitira amayi ambiri: madzi apitirire mpunga ndi mfundo imodzi ya chala. Njira imeneyo ndi yabwino pa poto wa pabanja, pomwe mpunga wake ndi wosazama. M'sefuliya yodzaza imalakwitsa mbali inayo. Mpunga ukazama kufika chikhatho chonse, mfundo imodzi ya madzi pamwamba siingakwanire njere zonse zili pansizo, ndipo umatuluka wouma, wa mtima pakati. Makapu anandipatsa phala, chala chikanandipatsa mchenga.

Mchere wokha ndiwo unamvera pepala langa. Mchere suuluka, umatsala m'chakudya, ndiye ukachulukitsa ndi 20 umakhala bwino. Phala lija, pambali pa shuga, mchere wake unali wolondola ndithu.

## Mmene azakhali anaphikira

Loweruka lija nthawi inali itadutsa 7 koloko. Kudya kunali kwa 1 koloko, anthu akabwera ku tchalitchi. Tinatsala ndi makilogalamu 20. Ine ndinkafuna titume mnyamata pa njinga yamoto akagule ena 20 kumsika wa pa boma. Azakhali anati agule 10. Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse, ndinakumbukira fungo, ndinatseka.

Chodabwitsa, sanafulumire kutereka. Anati mpunga wophika m'mawa n'kuusiya m'mabeseni mpaka masana, ndi kutentha kwa Mangochi mu Okutobala, umafika pa mbale utayamba kuchita thukuta ndi kununkha chivunde, ndipo ukatsegula anthu m'mimba ukwati wonse udzakumbukidwa ndi zimenezo. Ndiye kuti ngakhale madzi anga akanakhala olondola, 4 koloko inali kale cholakwa china. Anayamba ndi nyemba ndi nyama, zomwe zimafuna nthawi. Mpunga anauyamba cha m'ma 10 koloko.

Anagawa makilogalamu 30 aja patatu, 10 pa ulendo uliwonse. Sefuliya yofanana ndi yomwe ine ndinaisenzetsa 20. Chifukwa chake anachinena mwachidule: mpunga ukazama, wapansi umaponderezedwa ndi wapamwamba ndipo umapsa wapamwamba usanamve moto.

Madzi anatereka okha, opanda mpunga. Anatenga ndowa ija, anaidzaza n'kupungula mpaka madzi anatsika zala ziwiri kapena zitatu kuchokera pamlomo, omwe ndinadzayeza pambuyo pake n'kupeza kuti ndi malita 18. Pa makilogalamu 10, omwe ndi malita 12, ndiye kuti kapu ya mpunga ikupita ndi kapu imodzi ndi theka ya madzi. Anathira mchere ndi mafuta m'madzimo, analawa ndi chikho, anawonjezera pang'ono. Pambali anaterekanso poto wina wa madzi okhaokha kuti aziwira, ndipo ndi pamenepa pamene anandiyang'ana koyamba chichitikire ngozi ija. "Akachepa tiwonjezera awa. Akachuluka uwachotsa ndi chiyani?"

Mpunga anautsukitsa madzi atatsala pang'ono kuwira, osati kale, ndipo anautsanulira m'malichero kuti udonthe. Madzi atabwadamuka anaukhuthulira, n'kutakasa kamodzi kokha kuti ufalikire mofanana, mthiko n'kuuchotsa. Moto unali waukali, ndipo pasanathe mphindi zochepa sefuliya inawiranso. Anaima pomwepo osachoka, manja kumbuyo. Pafupifupi mphindi khumi madzi anatsika mpaka kufanana ndi mpunga, timabowo tinayamba kuoneka pamwamba tikupuma nthunzi.

Apa ndi pomwe ntchito inagona. Anakoka zikuni zonse, pansi n'kutsala makala ochepa omwazikana. Anayala masamba a nthochi owaula pamoto pamwamba pa mpunga, anavundikira, n'kuwola makala ndi fosholo kuwaika pamwamba pa chivundikiro. Moto unachoka pansi n'kukwera pamwamba. Nthunzi yomwe kwa ine inkathawa, kwa iwo inatsekeredwa n'kumaliza kuphika. N'chifukwa chake malita 18 anakwanira: 15 omwa mpunga, otsalawo a mphindi khumi zokha zomwe sefuliya inali yosavundikira.

Panadutsa mphindi 25 palibe amene analoledwa kuvundukula. Atatsegula, sanalawe chapamwamba. Analowetsa chipande m'mbali mpaka pakati, anatapa njere zingapo n'kuzifinya pakati pa zala ziwiri. Zinaphwanyika zonse popanda kamtima koyera. Zikanakhala ndi kamtima, akanawaza kapu imodzi kapena awiri a madzi owira aja n'kuvundikiranso. Pa ulendo wachiwiri anachitadi zimenezo, chifukwa mpunga wogula pa boma uja unali wakale, wouma kwambiri, ndipo wakale umamwa madzi kuposa wongokolola kumene.

Sefuliya yopserera inali ikunyowetsedwa, ndiye maulendo awiri oyamba anayenda m'sefuliya imodzi, wina pambuyo pa mnzake, wachitatu m'sefuliya ya aneba. Wakupsa ankaukhuthulira m'mapoto ovundikira n'kuwakhazika pa phulusa lamoto kuti usazizire. Womaliza unaphulidwa galimoto za akwati zikuimba mahutala pa mlatho.

Za nsima sindinena zambiri chifukwa kumeneko pepala langa analiponya kale osandiuza. Ine ndinalemba thumba limodzi la chimanga, ndikuganiza makilogalamu 50 a ufa. Ndinaiwala kuti chimanga chikakonoledwa, madeya n'kuchoka, n'kuviikidwa, ufa woyera umatsala mwina makilogalamu 30 kapena 35. Azakhali amawerengera kilogalamu ya ufa pa akuluakulu asanu, ndipo anali atauza kale amayi kuti agayitse ndowa ina yowonjezera. Nsimayo ankaphika m'mapoto apakati, angapo nthawi imodzi, chifukwa malire a nsima ndi mkono wa wovundula. Poto akakula kuposa mphamvu za mayi wogwira mthiko, pansi pamatsala mbwindi.

## Kambale kopakulira

Mtima wanga unali pa makilogalamu 10 osowawo. Pepala linkati 40, ife tinali ndi 30, ndipo anthu anabwera monga tinkayembekezera, mwinanso kuposa.

Azakhali sanalole kuti aliyense adzipakulire, ndiponso sanapereke chipande kwa atsikana. Anatulutsa kambale kakang'ono ka pulasitiki m'chikwama chawo, kakale, kofwifwa. Anasankha amayi awiri achikulire, wina anamupatsa kambaleko, wina kena kofanana nako kochokera m'nyumba. Lamulo linali limodzi: kambale kamodzi, kosadzaza mpaka phiri, pa mbale iliyonse. Wofuna wina abwerenso onse akalandira.

Ndinaima pambali ndikuwerenga mbale, chizolowezi sichitha. Sefuliya yoyamba inatulutsa mbale 81. Yachiwiri 78. Ndiye kuti kilogalamu imodzi inkadyetsa anthu asanu ndi atatu, osati asanu ndi mmodzi. Makilogalamu 30 kuchulukitsa ndi 8 ndi 240, nambala yanga yomwe ija.

Apanso ndinaona pamene ndinalakwira. Kunyumba kwanga mpunga timadya ndi ndiwo imodzi, ndipo anyamata anga awiri amabwereza. Pa ukwati mbale ija inali ndi nthuli ziwiri za mbuzi, nyemba ndi kabichi, ndipo mwa anthu 240 munali ana, okalamba ndi ena omwe anali atamwa kale thobwa. Palibe amene ndinamuona akuyang'ana mbale yake mokwiya. Koma chipande chikanakhala m'manja mwa mtsikana wamanyazi, wopakulira amalume ake ndi anzake a kusukulu, mbale 100 zoyamba zikanadya kuposa theka la mpunga wonse, ndipo ngakhale makilogalamu 40 aja sakanafika kumapeto kwa mzere.

Otumikira, ophika ndi anyamata owaza nkhuni anali ndi poto wawo amene azakhali anamubisa m'chipinda asanayambe kupakula. Pa pepala langa anthu amenewa, oposa 20, munalibe n'komwe.

## Kubweza sefuliya

Lamlungu masana ndinanyamula sefuliya yopserera ija kupita nayo kumtsinje wa Shire. Ndinakwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka zala kutupa. Zomata zinachoka, koma pansi panatsala chibanga chakuda, chozungulira, chachikulu ngati lichero, pomwe malawi anga ankawomba.

Azakhali anandipeza komweko akupita kukakwera minibasi ya ku Namwera. Anali atanyamula ndowa yathu ija. Anatola msomali pansi, anakanda kamzere mkati mwake pomwe madzi a makilogalamu 10 amafika, n'kundipatsa. Anati mpunga ukakhala watsopano nditsike chala chimodzi pansi pa mzerewo, ndipo sefuliya ikakhala ina, ndiyambe ndaphika ulendo umodzi ndione, ndisanatsuke mpunga wonse.

Ndowayo ndayenda nayo kale pa maliro awiri, ku Malindi ndi kwa Chimwala. Pa maliro palibe makadi oti uwerenge, ndiye ndimaphika makilogalamu khumikhumi, ndikuyang'ana khamu, madzi ena ali pamoto kudikira. Amayi a ku tchalitchi sefuliya yawo anailandira, koma mayi wosunga katundu anaitembenuza, anayang'ana chibanga chija nthawi yaitali, n'kulemba kanthu m'kope lake. Mwezi watha titapita kukabwerekanso, anandipatsa yomweyo.